Laputopu ya 1TB HDD kapena ya 256GB SSD: wophunzira wa ndalama zochepa atenge iti?

*Akatswiri, ndine mtsikana wa ku Ngabu ndipo ndasankhidwa kukayamba koleji ku Blantyre. Bambo agulitsa mbuzi kuti ndipeze laputopu. Ku Limbe ndaona ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito, zonse za Core i5. Yoyamba ili ndi 1TB HDD ndi RAM ya 8GB. Yachiwiri ili ndi 256GB SSD ndi RAM ya 4GB, koma ndi yokwererapo mtengo. Wogulitsa akuti yoyambayo ndi yaikulu kanayi, ndiye ndingapuse kuisiya. Ndalama yogulira yachiwiriyo ikukwana koma sindingatsale ndi kanthu. Nditenge iti?*

Achemwali, ine ndikanakhala inu ndikanagula yoyambayo, koma sindikanaigwiritsa ntchito mmene ililimo. Ndikanachotsamo HDD ija, imene ndi disiki yosungira mafayilo, n'kuikamo disiki ya SSD ya 256GB yogula padera, kenako HDD yochotsedwayo n'kuiika m'kabokosi ka USB kuti ikhale yosungiramo zinthu zikuluzikulu. Mukatero mumatsala ndi RAM ya 8GB, liwiro la SSD, komanso 1TB ija simunaitaye. Zimenezi zitheka pokhapokha ngati mtengo wa SSD ndi kabokosiko ukulowa mu ndalama imene ikusiyanitsa malaputopu awiriwo, ndiponso ngati laputopuyo ili bwino m'zina zonse. Zikakanika, tengani yachiwiriyo. Chimene sindingakulangizeni n'kukhala zaka zinayi ndi Windows ili pa HDD.

Wogulitsayo sananame. 1TB ndi malo ochuluka kanayi kuposa 256GB. Koma iye akunena za kukula kwa malo, pamene chimene chidzakusowetsani mtendere tsiku lililonse ndi nthawi imene kompyuta imatenga kuti ipeze chinthu m'malomo.

M'kati mwa HDD muli kambale kamodzi kapena tiwiri timene timazungulira, ndi kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga kunsonga kwake. Mu HDD zambiri za m'malaputopu timbaleti timazungulira ka 5400 pa mphindi, kutanthauza ka 90 pa sekondi. Kompyuta ikafuna kanthu, kamkono kaja kayenera kusuntha kufika pamzere woyenera, kenako kudikira kuti mbale izungulire mpaka malo ofunikawo afike pansi pake. Ulendo umodzi wotere ndi waufupi kwambiri, moti pa sekondi imodzi HDD imapanga maulendo apakati pa 60 ndi 100. Zikumveka ngati zambiri, koma kwa kompyuta n'zochepa zedi. SSD ilibe chozungulira kapena chosuntha. Muli timachipi tokhatokha, ndipo magetsi amafika pamalo alionse nthawi yomweyo. Ngakhale SSD yotsika mtengo imawerenga tizidutswa masauzande angapo pa sekondi.

Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa pokopa filimu imodzi yaikulu HDD siichita manyazi. Imatha kufika cha m'ma 100MB pa sekondi, pamene SSD ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 500MB. Kusiyana kwa kasanu kokha. Koma Windows ikamayaka siwerenga fayilo imodzi yaikulu. Imatola tizidutswa ting'onoting'ono tomwazikana paliponse. Kunyamula thumba la chimanga lomanga kale n'kosavuta, koma chimanga chomwecho chikatayika pabwalo, wotola njere imodziimodzi dzuwa limamulowera. Tiyerekeze kuti poyaka ndi potsegula Chrome ndi Word, kompyuta ikufuna tizidutswa 5000. HDD yotola 70 pa sekondi idzatenga mphindi yathunthu ndi kupitirira. SSD yotola 5000 pa sekondi yatha kale inu musanakhale pansi. N'chifukwa chake malaputopu awiri a purosesa yofanana amasiyana motere: ya SSD imakhala yokonzeka m'masekondi 20 kapena kucheperapo, pamene ya HDD imaonetsa chithunzi cha pasikirini mwamsanga ndithu, koma mukadina kanthu siyankha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu.

Ndipo sizithera poyaka pokha. Windows 10 ndi Windows 11 zimagwira ntchito zambiri kumbuyo inu osadziwa: zimafufuza mavairasi, zimatsitsa zokonza zatsopano, zimakonza mndandanda wa mafayilo kuti kufufuza kuzifulumira. Zonsezi zimalimbirana kamkono kamodzi komwe kaja. Mukatsegula Task Manager pa laputopu ya HDD imene yangoyaka kumene, kawirikawiri mumapeza kuti Disk ili pa 100% pamene CPU yangokhala pa 10% kapena 15%. Purosesa ija ya Core i5 imene mwalipira ndalama ya mbuzi ikungodikira disiki. Ophunzira ambiri akaona zimenezi amati kompyuta yalowa vairasi, n'kupita kukailipirira kuti aifufute n'kuikamo Windows ina. Imapepuka kwa sabata ziwiri, kenako matenda omwe aja.

Tsono tiwerengere ngati 256GB ingakukwanireni, poti apa m'pamene pali mantha anu. Pa sikirini siidzaoneka 256 koma 238GB, chifukwa opanga madisiki ndi Windows amawerenga mosiyana. Sikuti akuberani, ndipo 1TB nayo imaoneka 931GB. Pa 238 imeneyo, Windows ndi zokonza zake idzadya pakati pa 30 ndi 40GB pakapita miyezi. Office, Chrome, pulogalamu yowerengera ma PDF ndi tina ndi tina tiziike pa 15GB. SSD siifunanso kudzazidwa mpaka pakamwa, imayamba kuchedwa polemba, ndiye musiye 40GB yopanda kanthu. Mwatsala ndi 140GB kapena kupitirirapo. Manotsi a PDF ambiri sapitirira 5MB, choncho ngakhale mutasonkhanitsa 1000, angodya 5GB. Maasayimenti a Word a zaka zinayi zonse mwina sangakwane n'komwe 1GB. Chimene chimadya malo ndi mavidiyo. Phunziro la ola limodzi lojambulidwa bwino limatha kudya theka la GB mpaka 1GB, ndipo mafilimu opatsana ndi anzanu m'mahositelo ndiwo amadzaza malaputopu a ophunzira, osati sukulu. Amenewo ndiwo malo ake ndi pa HDD ya m'kabokosi ija, chifukwa kuonera vidiyo n'kuwerenga fayilo imodzi yaikulu mondondoza, ntchito imene HDD imaichita bwino lomwe.

SSD ya 128GB ndingaivomere pokhapokha pamene palibe kuchitira mwina. Imaoneka 119GB, ndipo chaka chisanathe mumayamba kufufuta zinthu kuti Windows ipeze popumira. Ngati maphunziro anu ndi a zomangamanga, a mapu kapena a zojambula mavidiyo, kumene mapulogalamu ngati AutoCAD ndi ArcGIS amalowa, yesetsani kufika pa 512GB. Kwa wophunzira za uphunzitsi, unamwino, zamalonda kapena zamalamulo, 256GB ndi yokwanira.

Pali chifukwa china chimene kwa munthu wa kuno kuchigwa chimalemera kuposa kwa mnzanu wokhala ku Namiwawa. Laputopu yanu idzayenda. Idzakwera minibasi kuchoka ku Ngabu, kudutsa Nchalo, kukwera mapiri a pa Thabwa, ndipo pa tchuthi idzatsikanso, mwina n'kumalizira ulendo pa kabaza m'msewu wafumbi wa mabampu. Kamutu kowerenga ka HDD kamayandama pamwamba pa mbale pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Laputopu ikagwedezeka mwamphamvu mbale ikuzungulira, kamutuko kamatha kugunda mbale n'kuikanda, ndipo zimene zinali pamalo okandikawo zapita. Ndinene mwachilungamo kuti HDD yozimitsidwa imapirira kwambiri, chifukwa kamkono kamakaima pambali, kunja kwa mbale. Ngozi imabwera chifukwa cha chizolowezi chathu chongotseka chivundikiro n'kuponya laputopu m'chikwama. Nthawi imeneyo disiki imakhala isanaime, ndipo laputopu yogona imatha kudzuka yokha m'chikwamamo. HDD zambiri zakufa zimene ophunzira amabwera nazo kwa ine zili ndi mbiri yotere, kapena zinagwa kuchokera pabedi zikuseweretsa filimu. SSD ikagwa, mudzalira sikirini kapena mahinjesi, koma zolemba zanu zimakhala zilipo.

Za kutentha ndisakokomeze. Inde, mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kati mwa laputopu mumatentha kuposa m'chipinda. HDD zambiri za m'malaputopu zinapangidwa kuti zigwire ntchito mpaka madigiri 55 kapena 60, pamene SSD zambiri zimafika 70. Choncho SSD ili ndi mpata wokulirapo, komanso iyo yokha siitulutsa kutentha kwambiri pa ntchito wamba. Koma chimene chimavutika msanga ndi nyengo yathu si disiki, ndi batire ndi fani. Fumbi limatseka timipata totulukira mpweya, fani imalira ngati chigayo, purosesa imadzichepetsa liwiro kuti isapse. Zimenezi SSD singazichize. Musamaike laputopu pa matiresi kapena pa chitenje, muziika pa tebulo kapena pa thabwa, ndipo kamodzi pa chaka munthu wodziwa aitsegule n'kuchotsa fumbi. Pa batire, SSD imathandiza pang'ono chabe chifukwa ilibe injini yozunguza mbale, koma musakhulupirire wina akakuuzani kuti batire yakufa idzauka chifukwa cha SSD.

Mwina mukudabwa chifukwa chimene ndikukankhira yachiwiri ija kumbuyo pamene ili kale ndi SSD. Vuto lake ndi RAM ya 4GB. RAM ndi pamene kompyuta imaika zinthu zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Windows yokha imadya yoposa theka la 4GB, ndiye mukatsegula masamba asanu ndi limodzi pa Chrome, chikalata cha Word ndi PDF yaikulu, RAM yadzaza. Ikadzaza, Windows imayamba kusamutsira zina ku disiki n'kumazitenganso. Pa SSD kusamutsaku kumapiririka, n'chifukwa chake 4GB yokhala ndi SSD imamveka yopepuka kuposa 8GB yokhala ndi HDD pa ntchito zambiri za wophunzira. Koma 8GB yokhala ndi SSD imaposa zonse ziwiri, ndipo njira yofikira pamenepo motchipa ikudzera pa laputopu yoyamba ija. Mukasankha yachiwiri, funsani kuti akuonetseni ngati ili ndi malo owonjezerapo RAM. Malaputopu ena opyapyala RAM yake inawotcheredwa pa bolodi ndipo siwonjezereka.

Tsopano zochita pa shopu, ndalama isanatuluke m'manja. Musadalire kapepala komata pa laputopu kapena mawu a wogulitsa. Yatsani nokha, dinani `Ctrl` + `Shift` + `Esc` kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, kenako pa Disk. Pamenepo pamalembedwa SSD kapena HDD, dzina la disikiyo ndi kukula kwake. Pa Memory mudzaona kuchuluka kwa RAM, ndipo pa Slots used pamaonetsa ngati pali malo otsala, monga 1 of 2. Ngati Windows yake ndi yakale moti sikuonetsa mtundu wa disiki, tsegulani PowerShell mulembe izi:

```
Get-PhysicalDisk | Select FriendlyName, MediaType, Size
```

Apa pali msampha umodzi umene wagwira ophunzira ambiri. Pali timalaputopu tatsopano tonyezimira, totchipa modabwitsa, tolembedwa 32GB kapena 64GB, ndipo ogulitsa ena amati ndi SSD. Kawirikawiri imeneyo ndi eMMC, m'bale wake wa memori khadi ya m'foni. Ndi yochedwa poyerekeza ndi SSD yeniyeni, inawotcheredwa pa bolodi, siichotseka, ndipo malo ake amatha ndi Windows yokha. Mukaona mawu oti eMMC kapena MMC pa dzina la disiki, bwezani. Laputopu yakale ya muofesi yoti imatseguka ndi masikuluwu imaposa kameneko kutali.

Chachiwiri n'kuona thanzi la disiki. Disiki iliyonse imasunga mbiri yakeyake, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga mbiriyo. Ndi yaing'ono, mukhoza kuitengera pa fulashi. Ikalemba Good ndi mtundu wa buluu, zili bwino. Ikalemba Caution ndi mtundu wachikasu, disikiyo yayamba kudwala. Pa HDD yang'anani mizere iwiri, Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Imeneyi imaonetsa malo a pa mbale amene awonongeka kapena akukayikitsa, ndipo pa Raw Values pazikhala maziro okhaokha. Kwa inu izi n'zofunika ngakhale mukuichotsa, chifukwa mukufuna kuti idzakhale yosungiramo zinthu. Ikapezeka yodwala, musathawe laputopuyo, koma mwapeza poyambira kunenerera mtengo. Pa SSD pulogalamuyi imaonetsa maperesenti a moyo wotsala. Ya 90% ilibe vuto. Anthu amaopa kuti SSD imatha ikalembedwalembedwa, ndipo n'zoona kuti ili ndi malire, koma ya 256GB yabwinobwino imalonjezedwa kupirira ma TB makumi angapo, zina kupitirira 100TB. Wophunzira wolemba 10GB tsiku lililonse amakwanitsa zosakwana 4TB pa chaka. Mudzamaliza sukulu, mudzayamba ntchito, malirewo musanawafike.

Muli pomwepo onaninso batire, chifukwa kwathu kuno magetsi akathima, batire ndiyo imateteza disiki. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi ili m'kati molemba, fayilo imatha kuwonongeka, kaya ndi pa HDD kapena pa SSD. Mu Command Prompt lembani:

```
powercfg /batteryreport
```

Idzakuuzani pamene yasunga lipoti. Mulitsegule muyerekeze Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Ngati Full Charge Capacity yatsika kufika pa theka la Design Capacity, dziwani kuti posachedwa mudzagula batire, ndipo mtengo wa laputopu uyenera kutsika. Muyang'anenso nambala ya purosesa, poti Core i5 zilipo za mibadwo yambiri. Pa i5-6200U nambala yoyamba ya 6200 ikusonyeza m'badwo wa 6, pa i5-8250U m'badwo wa 8. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Ngati pa awiriwo imodzi ndi ya m'badwo wa 8 ndipo inayo ndi ya 4 kapena 5, nkhani yasintha: tengani yatsopanoyo, disiki mudzakonza pambuyo. Disiki ndi RAM kawirikawiri zimasinthika, purosesa ya laputopu nthawi zambiri ayi.

Tinene kuti yoyamba ija yapambana mayeso onsewa. SSD yoti mugule ndi ya 2.5 inchi ya SATA. Ndi yofanana kukula ndi HDD imene ilimo, polumikizira pake m'pofanana, ndipo imalowa pamalo omwewo popanda kusintha china chilichonse. Pali mtundu wina wa SSD wooneka ngati kachingamu kakatali, wotchedwa M.2, ndipo m'gulu limeneli muli za SATA ndi za NVMe. Si laputopu iliyonse imene ili ndi malo a M.2, ndipo ina ili nawo koma imangolandira mtundu umodzi. Osagula M.2 musanatsegule laputopu kapena kuwerenga buku la mtundu wake. NVMe ili ndi manambala aakulu pa paketi, 2000MB kapena 3000MB pa sekondi, koma pa Word ndi Chrome simudzamva kusiyana ndi SATA. Kudumpha kwakukulu kuli pakati pa HDD ndi SSD iliyonse. Ngati mwayi wakugwerani n'kupeza kuti laputopuyo ili ndi malo onse awiri, ikani Windows pa M.2 n'kusiya HDD momwemo, kabokosi sikafunikanso.

Mitengo sinditchula, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Funsani m'mashopu atatu tsiku lomwelo. Koma chenjerani ndi SSD yotchipa mopitirira muyeso, monga ya 1TB yogulitsidwa pa mtengo wa 256GB. Zachinyengo zilipo. Zimauza kompyuta kuti ndi zazikulu pamene m'kati muli kachipi kakang'ono, ndipo mukadutsa malire ake enieni, mafayilo amaoneka kuti alipo koma satseguka. Pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malo onse ndi enieni. Imatenga nthawi, koma ichiteni SSD ikadali yopanda kanthu, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikalephera mubweza. Risiti ikhale ndi nambala ya disikiyo.

Kusinthako ndi ntchito ya mphindi zosakwana 30 pa malaputopu ambiri a muofesi. Mumazimitsa, kuchotsa chaja ndi batire, kumasula masikuluwu a pansi, kusolola HDD, kusamutsira kafelemu kake pa SSD, n'kubwezera. Ngati simunatsegulepo laputopu, musaphunzirire pa yanuyi. Timawaya ta m'kati timaduka msanga. Njira yabwino n'kupanga kusinthaku kukhala mbali ya malonda: muuze wogulitsa kuti mugula ngati aikamo SSD inu mukuona. Muime pomwepo, ndipo HDD yochotsedwayo muilandire m'manja mwanu. Ndi yanu, munailipira. Ena amaiiwalitsa dala n'kukaigulitsanso.

Pa SSD yatsopanoyo ndi bwino kuikamo Windows yoyambira pachiyambi kusiyana ndi kukopera zonse za pa HDD yakale, chifukwa simukudziwa zimene mwini wake woyamba anasiyamo. Pamafunika fulashi ya 8GB kapena kuposa ndi Media Creation Tool ya Microsoft. Kutsitsako kumadya ma GB angapo, ndiye chitirani pamene pali intaneti ya pa sukulu, osati pa bandulo yanu. Ngati Windows ya pa laputopuyo inali yovomerezeka, chilolezo chake chimakhala chomangirizidwa ku bolodi, osati ku disiki, ndipo mukaika mtundu womwewo, Home kapena Pro, imadzivomereza yokha ikalumikizidwa ku intaneti. Onani zimenezi musanasinthe, pa Settings, pamene palembedwa Activation. Kabokosi ka HDD mugule kolembedwa USB 3.0, kamene polowetsa pake nthawi zambiri ndi pa buluu. Ka USB 2.0 kamachedwetsa disiki kuwirikiza katatu. Mukaiika m'kabokosi, ifufuteni yonse kuti Windows yakale ichoke.

Pali mbali imodzi imene HDD imaposa SSD, ndipo muyenera kuidziwa. HDD ikamafa nthawi zambiri imachenjeza. Imachedwa, imalira kuti tcha tcha tcha, mafayilo ena amakana kutseguka, ndipo munthu watcheru amapeza mpata wopulumutsa zake. SSD imatha kufa mwakachetechete. Usiku munalemba bwinobwino, m'mawa laputopu ikuti No bootable device, ndipo zimene zinali m'timachipi timene tija n'zovuta kwambiri kuzitulutsa. Ngakhale fayilo imene mwafufuta mwangozi n'kukhuthula Recycle Bin, pa HDD imatha kupezekanso ndi mapulogalamu obwezeretsa, koma pa SSD nthawi zambiri imafufutikiratu m'kanthawi kochepa. Choncho Loweruka lililonse muzilumikiza kabokosi kaja n'kukopera chikwatu cha sukulu. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mukatha muchotse bwinobwino podina Eject, ndipo musakagwedeze kakugwira ntchito, poti m'kati mwake mbale zija zikuzungulirabe.

Kabokosiko musamakasunge m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Wakuba amatenga chikwama chonse, ndipo madzi nawo sasankha. Amene tinaona zimene anachita namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje sitifunika kuuzidwa kawiri. Pa tchuthi cha nthawi ya dzinja, laputopu ikatsika nanu ku Ngabu, kabokosi kakhoza kutsala kwa m'bale ku Blantyre. Zolemba zimene simungathe kuzilembanso, monga kafukufuku wa chaka chomaliza, zikhalenso pa intaneti. Akaunti ya Gmail imabwera ndi 15GB yaulere, ndipo chikalata cha Word n'chaching'ono moti kuchitumiza sikudya bandulo yoti n'kudandaula.

Nanga ngati mwafika ku Limbe n'kupeza kuti mutagula yoyambayo, ndalama ya SSD ikuperewera? Ngati kupereweraku ndi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, igulenibe, bola mwatsimikiza kuti imatseguka ndipo HDD yake ndi ya 2.5 inchi ya SATA. Poyembekezera, pitani mu Task Manager pa Startup muzimitse mapulogalamu onse amene safunika kuyaka limodzi ndi Windows, musaike pulogalamu ina yolimbana ndi mavairasi pamwamba pa imene imabwera ndi Windows, ndipo mukayatsa muzipatsa mphindi zitatu musanayambe ntchito. Musanakwere minibasi kapena kabaza muzidina Shut down n'kudikira kuti timagetsi tonse tithime. Mukadzagula SSD, kabokosi kangathe kudikira mpaka semesita yachiwiri, HDD yochotsedwa mukhoza kuikulunga m'kansalu n'kuisunga pouma. Koma ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti ndalama ikangolowa m'thumba idzapita ku lendi ndi ku ufa, ndipo SSD idzakhala ya mawa mpaka chaka chachitatu, tengani yachiwiri ija lero, muonetsetse kuti pa Slots used palembedwa 1 of 2, n'kudzawonjezera RAM ya 4GB ina mukadzapeza.